Khofi ndi mkaka wa soya: chimene chimachitika m'kapu

 Lero tikhala m'khitchini, ndipo nkhani yathu ndi ya kapu imodzi yokha.

Nkhaniyi inayambira pa tiyirumu ina ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Mayi amene amagulitsa pamenepo amapanga okha mkaka wa soya, chifukwa wa ng'ombe sapezeka tsiku lililonse ndipo waufa wakwera mtengo. M'tiyi mkakawo umayenda bwino, makasitomala sadandaula. Tsiku lina ine ndinapempha khofi. Mayiwo anathira khofi wowira m'kapu, n'kudontheza mkaka pamwamba. Ndisanafike n'komwe pa shuga, m'kapumo munadzaza timibulu toyera, tikuyandama ngati mapira a m'thobwa, ndipo pansi pake panatsala madzi akuda. Mayiwo anagwira pakamwa. Anati, "Bambo, pepani, koma mkakawu ndaphika m'mawa womwe uno." Ndinaulawa wosathira kanthu, ndipo unalidi wabwinobwino.

Ndicho chinthu choyamba chimene ndikufuna mugwire. Mkaka wa soya ukadukaduka m'khofi, kawirikawiri sikuti wawonongeka. Umakhala wakumana ndi zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, kuwawasa ndi kutentha, pamene iwo uli wochepa.

Tiyambe ndi mkakawo. Mukanyika soya, n'kumusinja, n'kumufinya pa nsalu, madzi oyera amene amatuluka aja amakhala atanyamula timadontho ta mafuta ndi tizidutswa ta mapuloteni tating'ono kwambiri, toti diso silingatione. Tizidutswa timeneti sitinasungunuke ngati mmene shuga amasungunukira. Timangoyandama, kalikonse pakokha. Chimene chimatiletsa kugwirana ndi kamphamvu ka magetsi kamene kali pa khungu la kalikonse. Mphamvuyo ndi ya mtundu umodzi pa tonse, ndiye timakankhana, monga zimachitira mbali zofanana za maginito awiri a m'sipika ya wailesi mukamaziyandikizitsa. Mkaka umaoneka woyera ndi wosalala chifukwa cha kukankhanako.

Asidi akalowa, amazimitsa mphamvu ija pang'onopang'ono. Ikatha, palibenso chokankhanitsa, ndipo tizidutswa tija timamatana mpaka kukula kufika poti diso n'kutiona. Timibulu tija n'timeneto.

Kuwawasa kuli ndi muyeso wake, umene akatswiri amautchula kuti pH. Madzi abwino amakhala pa 7. Nambala ikamatsika, ndiye kuti kuwawasa kukukwera, ndipo kutsika ndi nambala imodzi yokha kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi. Mkaka wa soya watsopano umakhala pafupi ndi 7, mwina kutsikirako pang'ono. Khofi amakhala cha pa 5. Mapuloteni a soya amatheratu mphamvu yawo cha pa 4.5, koma sadikira kufika pamenepo. Amayamba kumatana muyeso ukangotsika kupitirira 6, makamaka ngati zinthu zili zotentha. Mukuona tsono kuti khofi ali kale m'dera loopsa, ngakhale lilime silimumva kuwawasa kwenikweni chifukwa kuwawa kwake kumaphimba.

Ifetu zimenezi timazidziwa kale, kungoti sitinkazitchula ndi manambala. Chambiko ndi mkaka wa ng'ombe umene tizilombo tabwino taudzaza asidi mpaka waundana. Amene anathirapo ufa wa malambe mu mkaka akudziwa mmene umalimbira nthawi yomweyo. Dontho la ndimu m'tiyi wamkaka limachita chimodzimodzi. Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji wa ng'ombe sudukaduka m'khofi? Yankho lake ndi loti mkaka wa ng'ombe uli ndi mchere wachilengedwe wambiri umene umameza asidi asanafike pa mapuloteni, ndiponso mapuloteni ake amapirira kutentha kwambiri. Wa soya uli ndi chitetezo chochepa chotere, ndipo wopanga pakhomo, ngati tauchulutsira madzi kuti ukwanire anthu ambiri, chitetezocho chimacheperatu.

Tsopano kutentha. Kutentha kumachita ziwiri. Kumachititsa tizidutswa tija kuthamanga ndi kugundana pafupipafupi, komanso kumafutukula mapuloteni, mbali zake zomata zimene zinali zobisika m'kati n'kubwera poyera. Ndiye asidi amene sakanachita kanthu mu mkaka wozizira amauundanitsa m'kanthawi kochepa ukakhala wotentha.

Ku China ndi ku Japan anthu akhala akugwiritsa ntchito zimenezi mwadala kwa zaka mazanamazana. Chakudya chawo chotchedwa tofu amachipanga potenthetsa mkaka wa soya kufika madigiri a pakati pa 70 ndi 85, kenako n'kuthiramo mchere wa kashiamu kapena wa maginiziyamu, ena amathira viniga kapena madzi a ndimu. Mkakawo umaundana, iwo n'kufinya madzi, n'kutsala ndi chigumu choyera. Tsono taganizani zimene mayi a pa tiyirumu aja anachita. Kuno ku Mchinji tili pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye madzi amawira cha pa madigiri 96. Khofi wongotsika pa mbaula amafika m'kapu ali cha pa 90. Mukadonthezamo sipuni imodzi kapena ziwiri za mkaka, kutentha kumatsika pang'ono chabe, kufika cha pa 85. Mkaka wochepa, m'madzi owawasa, pa kutentha kumene anzathu amapangira tofu. Mayiwo anatsatira njira yonse yopangira tofu osadziwa.

Nditafika kunyumba ndinafuna kuona ndi maso anga. Ndinatenga matambula anayi agalasi, kuti ndizitha kuona mpaka pansi, ndi mkaka wa soya wophikidwa tsiku lomwelo. Khofi anali wa ku Mzuzu, wogayidwa, ndipo ndinamuphika mofanana m'matambula onse.

M'tambula yoyamba ndinachita monga anachitira mayi aja: khofi wowira poyamba, masipuni awiri a mkaka pambuyo. Unadukaduka ndikuyang'ana. M'yachiwiri ndinathira khofi wowira yemweyo poyamba, koma mkaka wambiri, gawo limodzi pa magawo atatu a khofi. Timibulu tinaoneka pamene mkaka unayamba kugwera, ndipo nditatakasa tambiri tinasowa, koma tina tinatsalira m'mbali mwa galasi. M'yachitatu ndinayamba ndi mkaka wambiri womwewo pansi, n'kuthira khofi wowira pamwamba pang'onopang'ono uku ndikutakasa. Unatuluka wosalala, ngakhale patapita mphindi zingapo ndinaona ngati ukufuna kulekana pansi. M'yachinayi ndinayamba ndi mkaka, koma khofiyo ndinamusiya kaye pa tebulo kwa mphindi zisanu, wosavundikira. Imeneyo inakhala yosalala mpaka dontho lomaliza.

Tiyeni tikhale pa tambula yachitatu ndi yachinayi, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Anthu ambiri amadabwa kuti kuyamba ndi mkaka kungasinthe chiyani, pakuti pomaliza m'kapumo mumakhala zinthu zomwezo, zochuluka chimodzimodzi. Zoona, pomaliza n'zofanana. Koma njira yofikira kumeneko ndi yosiyana, ndipo mkaka umadukira panjira.

Mukathira mkaka m'khofi, dontho loyamba limagwera m'kapu yodzaza asidi ndi moto, lili lokha. Pa kamphindi kameneko muyeso wa kuwawasa pozungulira dontholo ndi wa khofi, cha pa 5, ndipo kutentha ndi kwa khofi, cha pa 90. Mapuloteni a dontho limenelo amamatana mkaka wina usanafike kudzathandiza. Dontho lachiwiri limapeza zinthu zitasinthako pang'ono chabe. Pofika poti mkaka wachuluka mokwanira, timibulu tapangika kale.

Mukatembenuza, khofi woyamba kugwa ndiye amakhala yekha pakati pa mkaka wambiri. Asidi wake wochepawo umamezedwa nthawi yomweyo, ndipo kutentha kwake kumagawikana mu mkaka wonse. Mukamapitiriza kuthira, kuwawasa kumakwera pang'onopang'ono kuchokera pa mbali yotetezeka, n'kukaima pamene payenera kuimira. Mkakawo sudutsa n'komwe m'dera loopsa lija. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti muzithira pang'onopang'ono ndi kutakasa. Mukakhuthula khofi yense kamodzi, pamene wagwerapo pamakhala ngati mwabwerera ku tambula yoyamba.

Za mphindi zisanu zija, tiyeni tiwerengetsere limodzi. Tinene kuti m'kapu muli mamililita 60 a mkaka wosatenthetsa, wa madigiri 25, ndipo mukuthirapo mamililita 180 a khofi. Khofiyo akakhala pa madigiri 90, zonse pamodzi zimakhala cha pa 74, mukadali m'dera la tofu. Mukamudikira kuti atsike kufika pa 70, zonse pamodzi zimakhala cha pa 59. Kumeneko ndi kutentha koti munthu amamwa bwino osapsa milomo, ndipo mkaka umapirira. Simukusowa chipangizo choyezera. Khofi akasiya kufuka nthunzi yambiri, ndipo mukutha kugwira kapu ndi dzanja lonse kwa kanthawi osaiponya, wafika. M'mwezi wa Juni, mphepo ya mwera ikamawomba, mphindi zitatu zikhoza kukwana. Mu Okutobala muwonjezereko.

Pali ena amene amalangiza kuti muzitenthetsa mkaka kaye, ati umaduka chifukwa chodzidzimuka ukachoka kozizira n'kugwera kotentha. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo kwenikweni. Mkaka sudzidzimuka. Chimene chimawerengedwa ndi kutentha kwa zonse zikasakanikirana, ndipo mkaka wowira umangokweza kutenthako. Ngati mukuopa kuti khofi azizira msanga, ufunditseni mkakawo pang'ono chabe, ufike poti chala chikhoza kukhalamo, koma musauwiritse.

Mu 2019, akatswiri a ku Scotland anasindikiza kafukufuku wa nkhani yomweyi, mkaka wa soya m'khofi. Chimodzi mwa zimene anapeza n'chothandiza kwambiri kwa munthu wa tiyirumu: kulekanaku kumatha kubwerera. Kapu imene yangoyamba kudukaduka ikhoza kusalalanso mukaonjezera mkaka kapena mukaiziziritsa. Ndi zomwe ndinaona m'tambula yachiwiri ija. Choncho musafulumire kukhuthula. Onjezeranimo mkaka, takasani, dikirani pang'ono. Koma ngati timibulu talimba kale n'kukhala ngati mazira okazinga, sitibwereranso, pangani ina.

Apa pali phunziro limene limapweteka m'thumba. Kuumira mkaka ndiko kumaudula. Masipuni awiri m'kapu yodzaza amaduka msanga kuposa kotala ya kapu. Ngati kasitomala akufuna khofi wongoyeretsedwa pang'ono ndi mkaka, ndiye kuti kudikira kuja ndi kuyamba ndi mkaka kukufunika kwambiri, chifukwa mkakawo ulibe unyinji woudalira.

Nayenso khofi sali wofanana. Khofi wa kuno kwathu, wolimidwa m'mapiri a Misuku ku Chitipa, ku Phoka ku Rumphi ndi ku Viphya, ndi wa mtundu wa arabika, umene umakondedwa chifukwa cha kakomedwe kake kowawasira pang'ono ngati chipatso. Ubwino womwewo ndi umene umavutitsa soya. Khofi wokazingidwa pang'ono, wofiirira, amasunga asidi wambiri. Wokazingidwa kwambiri mpaka kuda amakhala atataya wina pamoto, ndipo amagwirizana ndi soya mosavuta. Ngati mumagwiritsa ntchito khofi wosungunuka wa m'chitini kapena wa m'timapaketi, nayenso ndi wowawasa, ndipo pali cholakwa chimodzi chimene ndachiona kawirikawiri: kuthira ufa wa khofiyo mwachindunji mu mkaka wa soya wotentha. Kambewu kalikonse kakamasungunuka, pozungulira pake pamakhala asidi wokhathamira, ndipo mkaka umaduka pomwepo. Musungunuleni kaye m'madzi, aziziremo pang'ono, kenako athiridwe pa mkaka.

Ndipo samalani ndi fulasiki. Khofi akakhala wotentha kwa maola angapo amanka nawawasa, chifukwa zinthu zina za m'kati mwake zimasweka n'kusanduka asidi. Khofi amene anagwirizana ndi mkaka 6 koloko m'mawa akhoza kuudula 10 koloko, mkaka uli womwewo. Ndi bwino kusunga madzi otentha m'fulasikimo, khofi n'kumapanga kasitomala akafika.

Tsono ndibwerere ku mawu anga oyamba aja, oti kudukaduka sikutanthauza kuwonongeka. Ndinati kawirikawiri, sindinati nthawi zonse, ndipo kusiyanitsa kwake n'kofunika chifukwa kukukhudza mimba za anthu. Mkaka wa soya wopanga pakhomo suchedwa kusasa. Popanda filiji, m'nyengo yotentha, wa m'mawa ukhoza kukhala utayamba kale pofika madzulo. Tizilombo tikayamba kupanga asidi m'kati mwake, muyeso uja umatsika mphuno isanamve kanthu, ndipo khofi amangomalizitsa ntchito imene yayambika kale. Njira yoyesera ndi imene alimi a ng'ombe zamkaka amaidziwa bwino: tengani mkaka pang'ono m'kasupuni kachitsulo kapena m'kapoto, muuwiritse wokha, wopanda khofi. Ukawira n'kukhalabe wosalala, mkakawo sunasase, vuto linali m'kathiridwe, ndipo kapu yodukadukayo ilibe choopsa kupatula kunyansa m'maso. Ukaundana wokha pamoto, wasasa. Umenewo musapatse munthu, ngakhale mutapeza njira youbisira m'khofi.

Kapangidwe ka mkaka nakonso kali ndi mbali yake. Kapu imodzi ya soya wouma, wonyikidwa usiku wonse, isapitirire makapu 6 kapena 7 a madzi ngati mkakawo ndi wothira m'khofi. Mukafika pa makapu 10 mwapeza mkaka wambiri koma wopanda mphamvu yomeza asidi. Sefani pa nsalu yothina, chifukwa nthawi zina zimene timaziona pansi pa kapu si kuduka ayi, ndi zotsalira za soya zimene zinadutsa pa sefa. Zimenezo zimakhala pansi ngati mchenga, pamene timibulu ta kuduka timayandama ndipo madzi ozungulira amayera. Ndipo muuphike mokwanira, uwire kwa mphindi 15 mpaka 20 mukutakasa, pakuti soya wosapsa amasokoneza kagayidwe ka chakudya m'mimba.

Amayi ena andifunsa za soda, poti ndi amene timafewetsera therere. Inde, soda amazimitsa asidi, monganso chidulo. Kasoda kochepa kwambiri, kotsina ndi nsonga za zala ziwiri, mu lita yathunthu ya mkaka kamathandiza. Makampani opanga mkaka wa zomera wothira m'khofi amachitanso zofanana, amaikamo mchere wa fosifeti woti uzimeza asidi, n'chifukwa chake mkaka wawo wa m'mabokosi umapirira kuposa wathu. Koma ine soda ndimamuika kumapeto kwa mndandanda. Akangochuluka pang'ono khofi amamveka sopo, ndipo choipa kwambiri n'chakuti amabisa kusasa. Musamugwiritse ntchito pofuna kuukitsa mkaka wadzulo.

Nanga mkaka wa mtedza, poti kuno kwa Mavwere mtedza ndi wosasowa? Mapuloteni a mtedza nawonso amatha mphamvu pa kuwawasa kofanana ndi kwa soya, ndiye malamulo ake ndi omwewa. Kungoti uli ndi mafuta ambiri, ndipo ukakhala umalekana wokha, mafuta pamwamba, ndiye muziukhutchumula musanathire. Mkaka wa oti umene umapezeka m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe suduka kawirikawiri, pa chifukwa chosavuta: uli ndi mapuloteni ochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a amene ali mu wa soya. Ndiye kuti chimene chimadula soya ndi chomwecho chimene timamupatsira ana kuti akule.

Patsala chinthu chimodzi, chimene chinandisokoneza kwa masiku angapo. Nditawafotokozera mayi a pa tiyirumu aja zonsezi, anatsatira bwinobwino, mkaka pansi, khofi wodikira, kuthira pang'onopang'ono. Zinasintha kwambiri, koma masiku ena timibulu tinkaonekabe. Titafufuza tinapeza kuti masiku amenewo madzi ankatunga pa mjigo wina, umene madzi ake sopo sachita thovu msanga ndipo amasiya zoyera zolimba pansi pa ketulo. Zoyerazo ndi kashiamu ndi maginiziyamu, mchere womwe uja amathira dala opanga tofu. Mchere umenewu umalumikiza tizidutswa ta mapuloteni ngati ulalo, kamodzi uku kena uko, ndipo mkaka umafika m'kapu uli kale pafupi kuundana. Si mjigo uliwonse uli choncho, ndipo midzi yoyandikana ikhoza kusiyana.

Kuti mudziwe ngati madzi anu ali ndi mbali, suzumirani m'ketulo yanu. Ngati pansi pake pachita chikhakha choyera, yesani izi: pangani mkaka wa soya pawiri tsiku limodzi, wina ndi madzi a pa mjigowo, wina ndi madzi a kwina amene sopo amachita thovu msanga, muwathire khofi mmodzi yemweyo m'njira imodzi. Ngati wa pa mjigo ndi umene ukuduka, muziwiritsa madziwo madzulo, agone, m'mawa mutsanule apamwamba mosamala n'kusiya zoyera pansi. Kuwiritsa kumachotsa gawo lina la mcherewo, osati wonse, ndiye pa mijigo ina mudzafunikabe kutunga kwina madzi opangira mkaka, a pa mjigowo n'kutsala a ntchito zina. Mayi aja anasankha kutuma mwana pa chitsime chotetezedwa cha kutsidya kwa msewu, chidebe chimodzi patsiku, cha mkaka wokha.